Webusaiti ya Masamba 10 ya Kampani ya Banja: Mtengo Wake, Nthawi Yake ndi Zolipira Chaka ndi Chaka

Mukafunsa mmisiri wa mawebusaiti kuti webusaiti ya masamba 10 ndi ndalama zingati, kawirikawiri amakuuzani mtengo umodzi. Mtengo umenewo ndi womangira basi. Webusaiti ili ngati sitolo yomangidwa pamalo alendi: njerwa ndi malata mumagula kamodzi, koma lendi ya malo, mlonda ndi kupaka penti zimabwera chaka ndi chaka, ndipo mukasiya kulipira mumapeza pakhomo patsekedwa. Kabuku kano kakuthandizani kuwerengera mbali zonse ziwiri musanapereke dipoziti.

Titsatira chitsanzo chimodzi kuyambira poyamba mpaka pamapeto. Tiyerekeze banja la ku Limbe lomwe lili ndi kampani yopanga mipando. Bambo ndiwo amayang'anira ampalamatabwa, mayi amasunga mabuku a ndalama, ndipo mwana wawo wamkazi ndiye amayankha makasitomala pafoni. Ziwerengero zonse za ndalama zomwe zili m'chitsanzochi ndi zophunzirira masamu chabe. Inu mudzaikepo mitengo yomwe mwapatsidwa pakotesheni yanu, koma kawerengedwe kake kadzakhala komweka.

Masamba 10 ndi ati?

Musanapite kwa mmisiri, khalani pansi ngati banja ndi kulemba masambawo papepala. Banja lathu lalemba awa: tsamba loyamba, mbiri ya kampani, mipando ya m'nyumba, mipando ya mu ofesi, makabati a kukhitchini, madesiki a sukulu, zithunzi za ntchito zomwe anagwirapo, kaitanitsidwe ka katundu ndi kalipiridwe, mafunso omwe anthu amafunsa kawirikawiri, ndi tsamba losonyeza komwe kampani ili ndi manambala a foni.

Mukayang'anitsitsa muona kuti masamba anayi a katundu aja ndi ofanana kamangidwe: mutu, zithunzi, mawu ochepa ofotokoza, ndi batani lotumizira uthenga. Mmisiri amakonza maonekedwe a tsamba limodzi, ena atatuwo amangothiramo mawu ndi zithunzi zina. Choncho chomwe chimakweza mtengo si kuchuluka kwa masamba kwenikweni, koma kuchuluka kwa mitundu ya masamba, ndi zomwe webusaitiyo ikuyenera kuchita. Masamba 10 a banjali ali m'mitundu inayi kapena isanu basi. Koma mukanena kuti kasitomala azilipira pompo pawebusaiti kudzera pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, kapena kuti tsamba lililonse likhale m'Chichewa ndi m'Chingerezi, imeneyo ndi ntchito ina. Zinenero ziwiri zimatanthauza masamba 20 olemba, kuwerenga ndi kukonza. Nenani zimenezi tsiku loyamba, osati sabata yachisanu.

Ndalama zomangira, zolipira kamodzi

Njira yabwino yoonera ngati mtengo uli woona ndi kupempha mmisiri kuti augawe m'masiku a ntchito. Mmisiri wodziwa ntchito yake savutika nalo funso limeneli. Tinene kuti wa banja lathu amalipiritsa K60,000 patsiku, ndipo amanga webusaitiyo ndi WordPress, pulogalamu yaulere yomwe mawebusaiti ambiri a makampani ang'onoang'ono amamangidwira.

Tsiku limodzi lipita pa kukambirana ndi banja ndi kulemba ndondomeko ya masamba. Masiku atatu apita pa kukonza maonekedwe, ndiko kuti mitundu, zilembo ndi kayalidwe ka zinthu pafoni ndi pakompyuta. Tsiku limodzi ndi loika WordPress pa seva ndi kulumikiza dzina la webusaiti. Kumanga masamba 10 enieniwo kutenga masiku asanu, theka la tsiku tsamba lililonse. Fomu yotumizira uthenga, mapu ndi batani la WhatsApp zitenga tsiku limodzi. Kuyesa pamafoni osiyanasiyana ndi kukonza zolakwika kutenga masiku awiri, ndipo tsiku lotsiriza ndi lophunzitsa mwana wamkazi uja kusintha mitengo ndi zithunzi yekha. Onse pamodzi ndi masiku 14, omwe akutipatsa K840,000.

Apa ndi pomwe makotesheni ambiri amathera, koma webusaiti sinathe, chifukwa mulibe mawu kapena zithunzi. Amisiri ambiri amayembekeza kuti zimenezi mubweretsa ndinu, ndipo sanena pokhapokha mutafunsa. Kwa kampani ya mipando, zithunzi ndizo zimagulitsa katundu. Kabati yojambulidwa mumdima m'shedi, utuchi uli mbwee pansi, imaoneka yotchipa ngakhale ili ya mbawa. Banja lathu laika K120,000 ya wojambula zithunzi tsiku limodzi, ndi K100,000 ya munthu wolemba ndi kukonza mawu a masamba onse. Tafika pa K1,060,000.

Pamwamba pa izi onjezerani ndalama yapadera ya zongogwa mwadzidzidzi, 15 pa 100 iliyonse, yomwe pano ndi K159,000. Ndalama imeneyi imapita pa zinthu monga chizindikiro cha kampani chomwe chapezeka kuti chilipo pachikwangwani chokha ndipo chikufunika kujambulidwanso pakompyuta, kapena tsamba la 11 lomwe bambo alikumbukira mochedwa. Ndalama zonse zomangira zakwana K1,219,000. Funsaninso ngati mtengo wa pakotesheni ukuphatikiza msonkho wa VAT, chifukwa kampani yolembetsa msonkhowu imauonjezera painvoisi.

Zolipira chaka ndi chaka

Walira mvula walira matope. Gawo ili ndilo lofunika kwambiri m'kabuku kano, ndipo ndikupemphani kuti mayi osunga mabuku aja aliwerenge kawiri.

Choyamba ndi domeni, dzina lomwe anthu amalemba kuti afike pawebusaiti yanu. Domeni sigulidwa mpaka kalekale, imachitidwa lendi, kawirikawiri chaka chimodzichimodzi. Mutha kusankha yothera ndi .com, kapena yathu yothera ndi .mw. Mitengo ya ziwirizi imasiyana, choncho funsani yonse iwiri. M'chitsanzo chathu tiika madola 15 pachaka a domeni ya .com.

Chachiwiri ndi hositing'i, lendi ya malo pa seva, kompyuta yosazima yomwe imasunga masamba anu ndi kuwapereka kwa aliyense wowafuna. Webusaiti ya masamba 10 sifuna malo aakulu. Malo ogawana ndi mawebusaiti ena amakwanira. Tiika madola 10 pamwezi, omwe ndi madola 120 pachaka. Apa pali msampha wodziwika. Makampani ambiri akunja a hositing'i amalengeza mtengo wotsika kwambiri, koma mtengowo ndi wa nthawi yoyamba yokha. Ikakwana nthawi yolipiranso, mtengo umakwera kwambiri. Choncho funso lanu lisakhale lakuti "hositing'i ndi zingati?" koma lakuti "chaka chachiwiri tidzalipira zingati?" Ndipo mubajeti lembani yankho la funso lachiwirilo.

Chachitatu ndi malaisensi. WordPress ndi yaulere, koma amisiri ambiri amagwiritsa ntchito maonekedwe ogula ndi tizigawo towonjezera totchedwa mapulagini, ndipo zambiri mwa zogulidwazo zimalipiridwa chaka chilichonse. Mukasiya kulipira, webusaiti sifa tsiku lomwelo ayi. Imapitiriza kuoneka bwino, koma pulaginiyo imasiya kulandira zokonza zatsopano. Pakapita miyezi imayamba kusemphana ndi WordPress yatsopano, kapena imasanduka chiboo cholowera akuba a pa intaneti. N'chifukwa chake ndalamayi imabisika: kuipa kwa kusalipira kumaonekera mochedwa. Pemphani mmisiri akulembereni mayina a zinthu zonse zolipira zomwe waikamo, ndi kuti laisensi iliyonse ili m'dzina la ndani. Tiika madola 60 pachaka. Tionjezeraponso madola 25 a malo ena osungirako kope la webusaiti yonse, kuti seva ikawonongeka kapena akuba akalowa mukhale ndi pobwerera. Kope losungidwa pa seva yomweyo lili ngati kiyi yapadera yosiyidwa m'nyumba yomwe mwaitsekayo.

Pali chinthu chimodzi chomwe simuyenera kulipira kwambiri. Adiresi ya webusaiti yotetezedwa imayamba ndi https, ndipo izi zimafuna satifiketi ya SSL. Bungwe la Let's Encrypt limapereka masatifiketi amenewa kwaulere, ndipo hositing'i yambiri imawaika ndi kuwakonzanso yokha akatha. Pa webusaiti ngati ya banja lathu, yaulereyo imakwanira. Mukaona mzere wa SSL wa ndalama zambiri pakotesheni, funsani chifukwa chake.

Tiphatikize: 15, 120, 60 ndi 25 zikukwana madola 220 pachaka. Titenge kuti dola imodzi ndi K1,750, zomwe zikutipatsa K385,000.

Tsopano chisamaliro. WordPress ndi mapulagini ake zimafuna kukonzedwa pafupipafupi, ndipo pamafunika munthu woona kuti fomu ikutumizadi mauthenga ndi kuti makope akusungidwadi. Fomu imatha kufa mwakachetechete: kasitomala amalemba uthenga, amaona mawu akuti watumizidwa, koma kuofesi sikufika kanthu, ndipo inu mumangoganiza kuti malonda avuta. Njira yodziwira ndi yosavuta, mwezi uliwonse dzitumizireni nokha uthenga kudzera pafomuyo. Banja lathu lagwirizana ndi mmisiri kuti azigwira theka la tsiku mwezi uliwonse, omwe ndi masiku 6 pachaka, K360,000. Mwana wamkazi uja akazolowera, ndalamayi itha kutsika, koma chaka choyamba ndi bwino ikhalepo yonse.

Zolipira pachaka zakwana K745,000. Choncho chaka choyamba banjali lifunika K1,219,000 ndi K745,000, zomwe ndi K1,964,000. Pa zaka zitatu, ngakhale mitengo itapanda kusintha, zolipira pachaka zokha zikwana K2,235,000, pafupifupi kuwirikiza kawiri ndalama zomangira, ndipo zonse pamodzi ndi K3,454,000. Yerekezani ndi K840,000 yomwe inali pakotesheni yoyamba ija. Mmisiri sananame, anangoyankha funso lomwe anafunsidwa. Mukamafananitsa makotesheni a amisiri awiri kapena atatu, fananitsani chiwerengero cha zaka zitatuchi. Nthawi zina womanga motchipa ndiye amene lendi yake ya pachaka ili pamwamba.

Imelo ya dzina la kampani ndi chisankho chapadera. Hositing'i yambiri imapereka maimelo popanda ndalama yoonjezera, ngakhale malo ake amakhala ochepa ndipo nthawi zina makalata ake amagwera m'bokosi la zinyalala kwa wolandira. Mautumiki olipira monga Google Workspace amawerengera munthu aliyense mwezi uliwonse. Tikaika madola 7 pa munthu, anthu atatu pa miyezi 12 ndi madola 252, kapena K441,000, kuposa domeni, hositing'i ndi malaisensi zonse pamodzi. Ine ndingalangize banja laling'ono kuyamba ndi imelo ya pahositing'i, kapena kulipirira munthu mmodzi yekha, mpaka ntchito itakula.

Nkhani ya madola

Mwaona kuti mbali yaikulu ya zolipira pachaka ili m'madola. Ngakhale mutalipira m'makwacha kwa kampani ya konkuno, nthawi zambiri iyonso imalipira seva ndi malaisensi kunja, choncho mitengo yake imatsata dola. Mu November 2023 Reserve Bank of Malawi inatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 44 pa 100 iliyonse, ndipo dola inachoka pa pafupifupi K1,180 kufika pa K1,700. Madola 220 athu aja akanachoka pa K259,600 kufika pa K374,000, popanda chilichonse chosintha pawebusaiti. Pa chifukwa chimenechi, m'kope lanu lembani zolipira zakunja m'madola, ndipo chaka chilichonse muzisinthe ndi mtengo wa nthawi imeneyo.

Vuto lina ndi kalipiridwe. Ndalama zakunja zikamasowa m'dziko, khadi la kubanki litha kukana kulipira kunja ngakhale muakaunti muli ndalama, ndiponso banki imadula kangachepe pa malipiro otere. Musadikire tsiku lomaliza. Yambani kulipira kutatsala mwezi wathunthu, kuti khadi likakana mukhale ndi nthawi yopita kubanki kapena kupeza njira ina. Ngati ndalama ilipo, domeni ya .com mutha kuilipiriratu zaka zingapo, mpaka 10, ndipo pa ndalama yochepa choncho mtima umakhala m'malo.

Domeni ikatha osalipira

Tsiku la domeni likapitirira, webusaiti imasowa, ndipo maimelo onse a dzina la kampani amaima nayo limodzi. Pa domeni ya .com, ogulitsa ambiri amapereka nthawi yochepa yoti mulipire pamtengo wamasiku onse, ndipo kutalika kwake kumasiyana malinga ndi wogulitsa. Ikatha nthawiyo, pamabwera masiku 30 omwe mutha kuiombola, koma ndi chindapusa choposa mtengo wa pachaka kangapo. Kenako pamadutsa masiku 5, dzina lija n'kumasulidwa kuti aliyense alitenge. Dzina lomwe munalemba pagalimoto, pamalisiti ndi pachikwangwani litha kukhala la munthu wina.

Ogulitsa domeni amatumiza zikumbutso kutatsala mwezi umodzi ndiponso sabata imodzi, koma amazitumiza ku imelo yomwe inalembedwa polembetsa. Ngati mmisiri analembetsa ndi imelo yake, kenako n'kusamuka kapena kusiya ntchitoyi, zikumbutsozo zimapita kwa iye, inu osadziwa kanthu. Ndi m'mene mabanja ambiri amatayira mawebusaiti, popanda wina kuchita chiwembu. Choncho domeni ilembetsedwe m'dzina la kampani yanu, ndi imelo yomwe banja limatsegula, ndipo imeloyo isakhale ya padomeni yomweyo, chifukwa domeni ikafa imafa nayo. Hositing'i nayonso ikhale paakaunti yanu, mmisiri mungomupatsa polowera.

Tsiku lothera domeni ya .com mutha kuliona nokha. Tsegulani adiresi iyi, lembani dzina la domeni yanu, ndipo muona masiku ake, kuphatikizapo lothera:

```
lookup.icann.org
```

Zitenga nthawi yaitali bwanji?

Masiku 14 a ntchito aja satanthauza kuti webusaiti ituluka pakatha masabata atatu. Pakati pa masikuwo pali kudikirana, ndipo amene amadikiritsa kwambiri nthawi zambiri si mmisiri koma eni ake. Banja lathu laika masabata 8.

Sabata yoyamba ndi yosainirana mgwirizano, kupereka dipoziti ndi kulembetsa domeni. Sabata yachiwiri ndi yachitatu ndi za banja: kusonkhanitsa mawu, miyeso ndi mitengo ya katundu, ndi kujambulitsa zithunzi. Izi zimaoneka zazing'ono mpaka mutaziyamba. Kuti mujambule makabati a kukhitchini muyenera kupempha makasitomala akale akuloleni kulowa m'nyumba zawo, ndipo wina adzati bwerani Loweruka, wina adzati ali kumudzi. Mbiri ya kampani ya ndime zitatu zokha itha kukhala pathebulo la bambo masiku 10. Pa nthawi yomweyi mmisiri amakhala akukonza maonekedwe, omwe banja liyenera kuwaona ndi kuwavomereza sabata yachinayi isanathe. Sabata yachisanu ndi yachisanu ndi chimodzi ndi zomanga masamba. Yachisanu ndi chiwiri ndi yoyesa ndi kukonza, ndipo yachisanu ndi chitatu ndi yotsegulira webusaiti ndi kuphunzira. Dzina likalumikizidwa ku seva, patha kutenga maola mpaka 48 kuti aliyense aziiona. Kuonekera pa Google kumachedwa kuposa apo, masiku angapo kapena masabata, choncho musadandaule mukaisaka tsiku loyamba osaipeza.

Zinthu ziwiri zimateteza masabata 8 amenewa. Choyamba, banja lisankhe munthu mmodzi wolankhula ndi mmisiri. Bambo akaimba m'mawa kuti mtundu ukhale wofiirira, mayi n'kutumiza uthenga madzulo kuti ukhale wobiriwira, mmisiri amagwira ntchito kawiri ndipo adzalipiritsa. Kambiranani kunyumba, lembani zosintha zonse papepala limodzi, mmodzi atumize. Chachiwiri, mumgwirizano mulembedwe kuti zosintha zidzachitika maulendo awiri, kuti banja liziyankha pasanathe masiku atatu a ntchito, ndi mtengo wa ulendo wachitatu ngati ungafunike.

Ngati webusaiti ikufunika pa tsiku lodziwika, monga tsiku lotseka tenda ya madesiki a sukulu, werengani chobwerera m'mbuyo masabata 8, n'kuonjezerapo ena awiri. Magetsi amazima, maliro amagwa, ndipo nyengo ya mvula tsiku lojambula zithunzi litha kusunthidwa kawiri.

Poyesa, gwiritsani ntchito foni wamba ndi bandulo, osati kompyuta ya mmisiri, chifukwa makasitomala anu ambiri adzalowa ndi foni. Tsamba likamachedwa kutseguka, kawirikawiri vuto ndi zithunzi zoikidwa monga zinachokera mukamera, zosachepetsedwa kulemera. Zithunzi zotere zimadya bandulo ya kasitomala ndipo iye amatseka asanaone mpando ndi umodzi womwe. Kukonza zimenezi ndi ntchito ya mmisiri, musanamalize kulipira.

Kalipiridwe ndi tsiku lolandira ntchito

Musalipire zonse poyamba, komanso musayembekezere mmisiri kuyamba chimanjamanja. Banja lathu lagawa K840,000 patatu: K336,000 posainirana, K252,000 litavomereza maonekedwe, ndi K252,000 pa tsiku lolandira ntchito. Gawo lililonse limangiriridwe ku chinthu chooneka ndi maso, osati ku deti chabe.

Gawo lotsirizalo liperekedwe mwana wamkazi uja atalowa yekha, ndi manja ake, m'malo atatu: akaunti ya domeni, akaunti ya hositing'i, ndi WordPress monga woyang'anira wamkulu. Asinthe mapasiwedi onse tsiku lomwelo, asinthe mtengo umodzi patsamba la madesiki mmisiri akuonerera, ndipo atenge kope la webusaiti yonse pafulashi. Mayi atsegule tsamba latsopano m'buku la ndalama ndi kulemba chinthu chilichonse cholipira pachaka pamzere wake: dzina lake, kampani yolipiridwa, mtengo m'madola kapena m'makwacha, ndi tsiku lothera. K745,000 ikagawidwa pa miyezi 12 ndi pafupifupi K62,000 pamwezi, ndipo ndalama imeneyo aziipatula limodzi ndi lendi ya shedi, kuyambira mwezi womwe webusaiti yatsegulidwa.